Makoma asanu ndi limodzi amene amadula dziko la m'gemu

Amene amasewera magemu pa foni, pa kompyuta kapena pa PlayStation anaziona kale izi. Munthu wa m'gemu wabwerera chafutambuyo mpaka wagunda chipupa, kamera yomutsatira yapanikizika pakona, ndipo mwadzidzidzi chipupacho chabooka. Ukuona m'chipinda choyandikana nacho, kapena mdima wopanda kanthu. Nthawi zina kamera imalowa m'mutu mwa munthuyo, n'kutsala maso ndi mano zikulendewera m'malere. Osewera amangoti gemu yasokonekera, koma kompyuta imakhala yachita ndendende zimene inauzidwa. Inapatsidwa malire, ndipo chilichonse chodutsa malirewo imachidula n'kuchitaya isanachijambule.

Chilichonse chimene timaona m'gemu ya mtundu umenewu, kaya galimoto, mtengo kapena nkhope ya wosewera mpira, chimamangidwa ndi tizidutswa ta makona atatu, mathirayango. Zinthuzi n'zopanda kanthu m'kati, ndi chikopa chokha cha mathirayango olumikizana. Kona iliyonse ya thirayango ili ndi manambala atatu onena pamene ili, ndipo kompyuta imawasandutsa kuti anene malowo kuchokera pamene paima kamera: mamita angati kumanja kapena kumanzere, angati m'mwamba kapena pansi, ndi angati kutsogolo. Nambala yachitatuyi tiitcha mtunda, ndipo ndi imene ili pakati pa nkhani yonseyi.

Mzinda wa m'gemu ungakhale ndi mathirayango mamiliyoni ambiri, pomwe chithunzi cha pa sikirini chimajambulidwa mwatsopano maulendo 30 kapena 60 pa sekondi imodzi. Pa maulendo 60, chithunzi chilichonse chili ndi nthawi yosakwana mamilisekondi 17. Palibe nthawi yojambula zimene diso silizaona. Ndiye funso loyamba la kompyuta pa chithunzi chilichonse ndi lakuti: kodi kamera ikuona ziti?

Dera limene kamera imaona lili ngati kuwala kwa tochi usiku: limayamba lochepa pa kamera n'kumatambasuka likamapita kutali. Kusiyana kwake n'kwakuti sikirini ili ndi makona anayi, choncho deralo ndi piramidi yogona chammbali, nsonga yake ili pa diso la kamera. Ili ndi makoma anayi a m'mbali: lakumanzere, lakumanja, lapamwamba ndi lapansi. Kenako amaidula pawiri. Pafupi ndi nsonga amaika khoma lapafupi, ndipo kutali amaika khoma lakutali. Makomawa ndi a masamu chabe, saoneka ndipo alibe kunenepa. Chimene chili m'kati mwa onse asanu ndi limodzi chili ndi mwayi wojambulidwa, chimene chili kunja chimatayidwa.

Kudziwa ngati kona ili m'kati n'kosavuta. Tiyerekeze kamera imene imaona madigiri 90 kuchokera kumanzere kufika kumanja. Pa mtunda wa mamita 10 kameray imaona mamita 10 kumanja ndi mamita 10 kumanzere, ndipo pa mamita 50 imaona 50 uku ndi 50 uko. Kona imene ili mamita 7 kumanja pa mtunda wa mamita 10 ili m'kati. Ina ya mamita 12 kumanja pa mtunda womwewo ili kunja. Makamera ena amaona mopanikiza kapena motambalala kuposa apa, koma kompyuta imayamba yachulukitsa manambala a kona iliyonse m'njira yoti mayesowo akhale ofanana nthawi zonse. Pa kuchulukitsako kona imapeza nambala yachinayi, w, imene kwa kamera yotere imangokhala mtunda uja. Mu OpenGL, imodzi mwa njira zimene mapulogalamu amalamulira chipangizo chojambula zithunzi, lamulo lake ndi ili:

```
-w <= x <= w
-w <= y <= w
-w <= z <= w
```

Mzere uliwonse ukuimira makoma awiri. Direct3D ya Microsoft imasiyana pa mzere wachitatu wokha, pamene z imayambira pa 0 kufika pa w.

Thirayango ikabwera, makona ake atatu amayesedwa. Onse akakhala m'kati, imadutsa osakhudzidwa. Onse akakhala kunja kwa khoma limodzi lomwelo, imatayidwa yonse. Mawu akuti "limodzi lomwelo" ndi ofunika. Thirayango yaikulu ya pansi pa bwalo la mpira ingakhale ndi kona imodzi kutali kumanzere, ina kutali kumanja, yachitatu kumbuyo kwa kamera. Makona onse ali kunja, koma pakati pake ndi pamene wosewera waponda. Woitaya chifukwa choti palibe kona ili m'kati adzaona bwalo likusowa pansi pa mapazi. Njira yolembera kona iliyonse kuti yaphwanya makoma ati, n'kutaya pokhapokha makonawo akagwirizana pa khoma limodzi, inachokera kwa Danny Cohen ndi Ivan Sutherland mu 1967, pa ntchito ya makina oyerekezera kuulutsa ndege.

Ntchito yeniyeni ili pa thirayango yopingasa khoma, mbali ina m'kati, ina kunja. Titenge imodzi tiidule. Khoma lapafupi tiliike pa mita imodzi kutsogolo kwa kamera. Kona A ili pa mtunda wa mamita 5, kona B pa mamita 3, ndipo kona C ili mita imodzi kumbuyo kwa kamera, kutanthauza mtunda wa −1. Tikayeza kuchokera pa khomalo, A ili mamita 4 m'kati, B ili mamita 2 m'kati, C ili mamita 2 kunja.

Kompyuta imayenda m'mbali mwa thirayangoyo, mzere umodzi pa nthawi. Kuchoka pa A kupita pa B, konsekonse ndi m'kati, palibe chodula. Kuchoka pa B kupita pa C, mzere ukuyamba mamita 2 m'kati n'kukathera mamita 2 kunja, ndiye ukuboola khoma pakatikati penipeni. Pamenepo pamaikidwa kona yatsopano. Mzere wa pakati pa A ndi C uli ndi mamita 4 m'kati ndi 2 kunja, onse pamodzi 6, choncho ukuboola khoma utayenda magawo 4 mwa 6 kuchokera pa A. Pamenepo pamaikidwanso kona ina. C yatayidwa, ndipo chatsala ndi chidutswa cha makona anayi: A, B ndi awiri atsopano aja. Popeza chipangizo chojambula chimafuna mathirayango okha, chidutswacho chimang'ambidwa pawiri. Kudula kwachotsa nsonga imodzi koma kwabala mathirayango awiri pamene panali imodzi. Zikanakhala kuti kona imodzi yokha ndiyo ili m'kati, pakanatsala kathirayango kamodzi kocheperako.

Kona yatsopano siitenga malo okha. Makona amanyamulanso mtundu, kowala kwake, ndi nambala zosonyeza kuti chithunzi cha njerwa kapena udzu chimatidwe motani pa thirayangoyo. Zonsezi zimasakanizidwa pa mlingo womwewo wa 4 mwa 6. Ngati A inali yoyera ndipo C yakuda, kona yatsopanoyo imakhala yotuwa mopendekera kokuda. Wolemba pulogalamu akaiwala zimenezi, umboni wake umaoneka msanga: njerwa za pa chipupa zimayamba kutsetsereka kapena kutamuka kamera ikamayandikira. Chotsala pa khoma loyamba chimapita pa lachiwiri, kenako lachitatu, mpaka onse atha. Njira yodula khoma ndi khoma imeneyi anaifalitsa Sutherland yemweyo ndi Gary Hodgman mu 1974, ndipo mpaka lero ndi imene ophunzira amayambira.

Pa makoma asanu ndi limodziwa, anayi a m'mbali ndi ongopulumutsa nthawi. Thirayango itapitirira m'mphepete mwa sikirini, palibe choopsa, timadontho take takunja sitikhala ndi pojambulidwa basi. N'chifukwa chake zipangizo za masiku ano nthawi zambiri sizivutika n'kudula m'mbali. Zimasiya mpata waukulu kuzungulira sikirini, ndipo thirayango imene yangotulukira pang'ono imapita yathunthu, timadontho takunja n'kungodumphidwa. Khoma lapafupi ndi nkhani ina. Popanda ilo chithunzi chimawonongeka.

Chifukwa chake chili m'mene kompyuta imachepetsera zinthu zakutali. Imagawa ndi mtunda. Mtengo umene uli mamita 2 kumanja pa mtunda wa mamita 4 umagwera pa 0.5 kumanja kwa pakati pa sikirini, pomwe 1 ndi m'mphepete. Mtengo womwewo pa mamita 8 umagwera pa 0.25. N'zimenezi zimachititsa kuti msewu uzioneka ukuchepa kutsogolo. Tsopano tiusendeze mtengowo kufupi. Pa mtunda wa milimita imodzi yankho ndi 2,000, ndipo pa mtunda wa ziro palibe yankho, chifukwa sitigawa ndi ziro. Tikapitirira kumbuyo kwa kamera zimaipiraipira. Kona C ija, tinene kuti inali mita imodzi kumanja. Kugawa 1 ndi −1 kumapereka −1, kutanthauza kuti chinthu cha kumbuyo kudzanja lamanja chatulukira kutsogolo kumanzere, ndipo chikanakhala m'mwamba chikanatulukira pansi. Thirayango yathu ikanajambulidwa yopotoka, nsonga yake itaponyedwa kumene sikuyenera. Amene amalemba okha pulogalamu yojambula zinthu zotere amachidziwa bwino chizindikiro chake: minga italiitali ya mitundu yong'amba sikirini nthawi iliyonse kamera ikadutsa pafupi ndi chinthu. Ndiye kudula kuyenera kuchitika kugawa kusanachitike, w akadali ndi chizindikiro chake chosonyeza kutsogolo kapena kumbuyo.

Apa m'pamene pachokera chipupa chobooka chija. Kamera yayandikira kwambiri moti gawo la chipupa lalowa pakati pa diso ndi khoma lapafupi, ndipo ladulidwa. Popeza zinthu za m'gemu n'zopanda kanthu m'kati, palibe njerwa kapena dothi loti lioneke podulidwapo, maso amangopitirira. Kawirikawiri kubooka kumayambira m'makona a sikirini kamera ikakhala chopendekera chipupa, chifukwa makona a khoma lapafupi ndi amene amatulukira kwambiri m'mbali.

Munthu angaganize kuti mankhwala ake ndi apafupi: kokera khomalo pa diso penipeni, pa milimita imodzi kapena kuchepera apo, kuti pasakhalenso chodulidwa. Oyamba kumene ntchitoyi ambiri amachita zomwezo, ndipo amadabwa kuona kuti chawonongeka ndi phiri lakutali, osati chipupa chapafupi.

Kuti chinthu chapafupi chibise chakutali, kompyuta imasunga nambala ya kuya pa kadontho kalikonse ka sikirini. Thirayango yatsopano ikafuna kujambula pa kadonthoko, nambala yake imayerekezedwa ndi yosungidwayo, ndipo yapafupi imapambana. Kawirikawiri nambalayi imakhala ya mabiti 24, kutanthauza masitepe 16,777,216 kuchokera pa khoma lapafupi kufika pa lakutali. Akanakhala otalikirana mofanana, pa kilomita imodzi sitepe iliyonse ikanachepera milimita. Koma nambala yosungidwayo yadutsa kale m'kugawa kuja, ndiye masitepe amaunjikana pafupi ndi kamera n'kumatalikirana kutali. Khoma lapafupi likakhala pa masentimita 10 ndipo lakutali pa mamita 1,000, theka la masitepe onse limathera pakati pa masentimita 10 ndi 20. Pofika pa mita imodzi, 90 mwa 100 alionse atha. Kuchokera pa mamita 10 mpaka kumapeto kwa kilomita, kumene kuli pafupifupi chilichonse chimene wosewera akuyang'ana, kwatsala sitepe imodzi yokha mwa 100.

Tione zotsatira zake pa chikwangwani chokhomedwa pa nyumba, chotalikirana ndi chipupa masentimita 5. Pa mamita 100 sitepe imodzi ndi pafupifupi mamilimita 6, ndiye kompyuta imasiyanitsa bwinobwino chikwangwani ndi chipupa. Koma kukula kwa sitepe kumatsata mtunda wochulukitsidwa ndi mtunda womwewo: mtunda ukawirikiza kawiri, sitepe imakula kanayi. Pa mamita 500 yafika pafupifupi masentimita 15. Chikwangwani ndi chipupa tsopano zimagwera pa sitepe imodzi m'malo ambiri, ndipo kompyuta ilibe chosiyanitsira. Kadontho kena chikwangwani chapambana, kena chipupa, ndipo kamera ikangosuntha pang'ono opambana amasintha. Pa sikirini zimaoneka ngati mizeremizere yothwanima, chikwangwani chikuphethira. Pa manambala athuwa vutoli limayamba chapamamita 290.

Kukokera khoma lakutali kufupi sikuthandiza kwenikweni, ndipo kulikankhira pa mamita 10,000 sikuwononga kwenikweni, sitepe ya pa mamita 500 imakhalabe pafupifupi masentimita 15. Koma sunthani khoma lapafupi kuchoka pa masentimita 10 kufika pa mita imodzi, sitepeyo imatsika kufika pa sentimita imodzi ndi theka, ndipo chikwangwani chimakhazikika. Likokereni pa sentimita imodzi, sitepe ikwera kufika pa mita imodzi ndi theka, moti galimoto yoimikidwa pafupi ndi nyumba yakutali ingasakanikirane ndi chipupa. Kwa ine iyi ndiyo mfundo yofunika kuposa zonse pa nkhaniyi, ndipo ndi imene imaiwalika kwambiri: kuoneka bwino kwa zinthu zakutali kumalamulidwa ndi khoma la pamphuno pa kamera. Lamulo la amisiri ake ndi kulikankhira kutsogolo mpaka pamene zinthu zatsala pang'ono kuyamba kubooka, n'kulekera pomwepo.

Manambala awiriwa saali obisika. Mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, kamera ili ndi malo olembedwa `Clipping Planes`, ndipo imayamba ndi `Near` 0.3 ndi `Far` 1000. Mu Blender, yaulere imene ambiri amaphunzirira kuumba zinthu pa kompyuta, zenera logwirira ntchito lili ndi `Clip Start` ya mamita 0.01 ndi `End` ya mamita 1000. Wojambula mapulani a nyumba akatsegula malo aakulu n'kuona theka lake lasowa mowongoka ngati lachekedwa, fayilo siinawonongeke, khoma lakutali ndi limene lili pafupi. Woumba mphete yaing'ono akaona ikudyeka akamaiyandikira, ndi lapafupi. Mu three.js, imene imajambula zoterezi m'burawuza, manambalawa amalembedwa pomanga kamera:

```
new THREE.PerspectiveCamera(75, 16 / 9, 0.1, 1000)
```

Awiri omalizawo ndi khoma lapafupi ndi lakutali.

Pamene gemu ikufuna zonse ziwiri, mfuti ya m'manja pamphuno ndi phiri la pa makilomita asanu, opanga amazemba vutolo. Magemu ambiri owomberana amajambula dziko ndi kamera imodzi, kenako manja ndi mfuti padera, ndi makoma akeake, n'chifukwa chake mfuti siilowa m'chipupa ngakhale wosewera atachikhudza. Njira ina yofala tsopano ndi kutembenuza masitepe aja, khoma lapafupi likhale 1 ndipo lakutali 0, n'kusunga nambalayo mu mtundu wa mabiti 32 umene mwachibadwa umakhala ndi masitepe ochuluka pafupi ndi ziro. Kuunjikana kuwiriku kumafafanizana, ndipo kutali kumapeza gawo lake. Ndi njira imeneyi ena amalichotseratu khoma lakutali.

Khoma lakutali ndi lofatsa, vuto lake ndi la maonekedwe basi. Likakhala pafupi, nyumba ndi mitengo zimangotumphuka kutsogolo kwa wosewera kuchokera kopanda kanthu. Makina a m'zaka za m'ma 1990 sankatha kujambula patali, ndiye opanga ankabisa malirewo ndi nkhungu yokhuthala kufika pa khomalo. Turok ya pa Nintendo 64 mu 1997 inatchuka ndi nkhungu yotere, ndipo Silent Hill ya pa PlayStation mu 1999 inaisandutsa mbali ya mantha a gemuyo. Pali kachizindikiro kena kodabwitsa. Khomali ndi lathyathyathya, si lozungulira, choncho limayeza mtunda wolunjika kutsogolo kwa kamera, osati wochokera pa diso kupita pa chinthu. Nsanja imene ili patali pang'ono kuposa malire imasowa ukaiyang'ana mwachindunji, koma ukapotoloza mutu kuti ikhale m'mphepete mwa sikirini imabwerera, chifukwa mtunda wake wolunjika wachepa.

Makoma omwewa amagwiranso ntchito ina thirayango isanafike n'komwe pa chipangizo chojambula. Kuyesa makona a galimoto ya mathirayango 50,000 n'kupeza kuti yonse ili kumbuyo n'kutaya nthawi. Ndiye pulogalamu imakuta galimotoyo ndi mpira kapena bokosi losaoneka n'kuyesa limenelo. Mpira uli ndi pakati ndi utali wochoka pakati kufika kunja. Ngati pakatipo pali mamita 6 kunja kwa khoma lakumanzere ndipo utaliwo ndi mamita 3, galimoto yonse yatayidwa ndi mayeso amodzi. Ngati pali mamita 2 okha kunja, mpira wapingasa khoma, ndipo galimoto imatumizidwa yonse kuti mathirayango ake akaweruzidwe payekhapayekha. Kulakwitsa kololedwa ndi kutumiza chinthu chosaoneka. Kutaya chooneka ndi kumene wosewera amazindikira, monga munthu wa m'gemu wotambasula mkono kupitirira bokosi lake, amene amasowa yense akafika m'mphepete mwa sikirini mkono ukadayenera kuoneka.

Pali zinthu ziwiri zimene makomawa sachita. Sadziwa kuti nyumba yabisa msika umene uli kuseri kwake. Msikawo uli m'kati mwa piramidi, ndiye umadutsa, ndipo kuubisa ndi ntchito ya nambala za kuya zija kapena njira zina zapadera. Komanso sadziwa kuti chinthu chakunja chingakhudze zam'kati. Mtengo umene uli kumbuyo kwa kamera dzuwa likupendeka umagwetsa mthunzi wake kutsogolo, pamene wosewera akuona. Pulogalamu ikautaya mtengowo pongotengera makoma a kamera, mthunzi umazima n'kuyakanso wosewera akamatembenuka. N'chifukwa chake powerengera mithunzi kompyuta imaika kamera yachiwiri pamene pakuchokera kuwala, yokhala ndi makoma akeake asanu ndi limodzi, ndipo mtengowo umayesedwa kawiri: kamera ya wosewera imautaya, ya dzuwa imausunga.